Chala n'chabwino, koma loko weniweni wa foni ndi nambala

Amene wagula foni yatsopano amafunsidwa kuti azitsekula bwanji: pojambula patani, polemba nambala yachinsinsi, pogunda chala kapena pongoiyang'ana. Ambiri amaganiza kuti awa ndi maloko anayi olingana ndipo munthu asankhepo mmodzi. Si choncho. Foni siilola kulembetsa chala kapena nkhope musanaike patani, pini kapena pasiwedi. Mukaizimitsa n'kuiyatsanso imakana chala mpaka mutalemba nambala, ndipo mafoni a Android amafunsanso nambalayo pakatha maola 72 ngakhale chala chikugwira bwinobwino. Chala chikalephera kangapo, foni imabwerera ku nambala yomweyo. Wakuba amene akudziwa nambala yanu safunika chala chanu. Funso loyamba ndiye likhale lakuti: kumbuyo kwa chalacho mwaikako chiyani?

Patani ndi amene ambiri timamukonda chifukwa dzanja limamuloweza lokha. Pa timadontho 9 tija munthu angajambule mapatani 389,112 osiyanasiyana, chiwerengero chooneka chachikulu ndithu. Vuto n'lakuti anthu sitijambula mwachisawawa. Mu 2015, Marte Løge wa ku Norway anaunika mapatani pafupifupi 4,000 ndipo anapeza kuti anthu 44 mwa 100 alionse amayambira pa kadontho ka pamwamba kumanzere, pomwe 77 mwa 100 amayambira pa ngodya ina iliyonse mwa zinayi zija. Enanso amangojambula chilembo choyamba cha dzina lawo kapena la mwana wawo. Ngati patani wanu ndi L, Z kapena M, musadzione ngati wochenjera. Muli ndi anzanu ambirimbiri.

Choopsa kwambiri pa patani ndi diso la munthu amene wakhala pambali panu. Mu 2017, ofufuza a ku United States Naval Academy ndi a yunivesite ya Maryland ku Baltimore County anaonetsa anthu mavidiyo a munthu akutsekula foni. Ataonera kamodzi kokha, anthu pafupifupi 64 mwa 100 anatha kubwereza patani wa madontho 6, koma 11 okha mwa 100 ndi amene anagwira pini ya manambala 6. Chifukwa chake n'chosavuta: patani ndi chithunzi chimodzi ndipo diso limachitenga chonse nthawi imodzi, pomwe manambala amafunika kuwatsatira imodziimodzi. Onjezerani mafuta a m'manja. Amene wangodya kumene mandasi kapena tchipisi amasiya njira yonse ya patani pagalasi, ndipo munthu akapendeketsa foniyo pa dzuwa amaiona.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika amene wakwera minibasi kuchoka mu Limbe kupita ku Bangwe. Anthu apanikizana anayianayi pampando. Mayiyo akutsekula foni kuti aone ngati kasitomala watumiza ndalama, akujambula Z wake, mzere wowala ukutsatira chala. Mnyamata wa mpando wakumbuyo waona. Potsika, foni yasowa m'chikwama. Wakubayo akuitsekula ulendo woyamba womwe, akuwerenga mauthenga a ndalama n'kudziwa kuti mu akaunti muli zingati. Kuti atulutse ndalamazo pa Airtel Money kapena Mpamba akufunikabe pini ina ya manambala 4, koma mu foni muli chithunzi cha chiphaso cha unzika, ndipo mayiyo anaika chaka chake chobadwa ngati pini. Ngakhale pamenepo zitakanika, WhatsApp ili yotsegula: akulembera mchemwali wa mayiyo kuti wagwa m'vuto, atumize K20,000 pa nambala inayake. Mayiyu akadatsekula ndi chala m'minibasimo, wakubayo akadatenga foni yotseka basi.

Apa ndi pamene chala chimaonetsera ntchito yake yeniyeni. Ubwino wake waukulu n'ngwakuti chimachepetsa nthawi zimene mumalemba nambala anthu akuona. Kampani ya Apple imanena kuti mwayi woti chala cha munthu wina chitsegule foni yanu ya Touch ID ndi umodzi pa 50,000, ndipo wakuba wa pamsika sataya nthawi kuumba chala chabodza. Koma chili ndi malire ake. Chala chonyowa, cha ufa kapena cha mafuta chimakanidwa. Amene amagwira khasu, simenti kapena kuchapa zovala tsiku lonse amapeza kuti timizere ta pachala tafufutika ndipo foni yaleka kuwazindikira. Mankhwala ake n'kulembetsa zala ziwiri, chimodzi dzanja lililonse, ndi kuzilembetsanso nyengo ya ntchito ikasintha. Malire ena ndi a m'nyumba: munthu wogona tulo chala chake chimagwirabe ntchito, ndipo amene akuchigunditsa pafoni nthawi zambiri si mlendo. Ngati izi zikukudetsani nkhawa, zimitsani foni pogona kapena gwiritsani ntchito Lockdown, imene mafoni ambiri a Android ali nayo. Ikatero imafuna nambala yokha.

Nkhope ndiyo yosokoneza, chifukwa dzina n'limodzi koma zipangizo zake n'zosiyana. Face ID ya pa iPhone imawaza timadontho tambirimbiri ta kuwala kosaoneka n'kuyeza mmene nkhope inaumbikira, ndipo chithunzi cha papepala sichingaipusitse, ngakhale Apple yomwe imachenjeza za mapasa, abale ofanana nkhope ndi ana osakwana zaka 13. Mafoni ambiri otsika mtengo amangogwiritsa ntchito kamera wamba ya kutsogolo, imene imaona nkhope ngati chithunzi chafulati. Ena mwa iwo amatsekuka ndi chithunzi chanu. Yesani nokha: tsegulani chithunzi cha nkhope yanu pa foni ya mnzanu n'kuchilozetsa ku yanu. Ikatsekuka, chotsani nkhopeyo lero lomwe. Ikakana, musaikhulupirire kwambiri, maka ngati foniyo inakuchenjezani polembetsa kuti njirayi ndi yofooka poyerekeza ndi pini.

Tsono nambalayo ikhale yotani? Ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha. Ya manambala 6 ili ndi 1,000,000, ndipo foni imachedwetsa munthu amene walakwitsa kangapo. Koma 123456, tsiku lobadwa kapena mathero a nambala ya foni yanu n'zimene aliyense amayamba kuyesa. Nambalayo isafanane ndi pini ya ndalama, chifukwa iyo mumailemba pamaso pa ejenti ndi anthu a pamzere. Ilembeni papepala n'kuisunga kunyumba, osati m'kava ya foniyo, pakuti mukaiiwala njira yotsala nthawi zambiri ndi kufufuta zonse za mu foni, ndipo pambuyo pake imafunanso akaunti ya Google imene inalimo. Amene sangasiyane ndi patani adutse madontho 7 kapena kuposa, mizere ipingasane, ndipo azimitse Make pattern visible. Pa kafukufuku wa 2017 uja, kubisa mzere kunatsitsa olondola kufika pafupifupi 35 mwa 100.

Pali chimodzi chimene loko wa sikirini sateteza: simu khadi. Wakuba amaichotsa n'kuiika mu kafoni ka mabatani, mauthenga anu onse n'kumafikira kwa iye. Ikani pini pa simu khadiyo, koma mosamala, chifukwa mukalakwitsa katatu imatseka ndipo imafuna nambala ya PUK yochokera ku kampani ya foni.

Kwa ambiri a ife amene timakwera minibasi ndi kusiya foni pa malo otchajira, chisankho chabwino ndi pini ya manambala 6 pamodzi ndi chala. Nkhope isiyireni amene foni yawo imayeza maumbidwe a nkhope, ndipo Z ujayo musintheni musanatuluke m'nyumba mawa.