Ziro uja musamusiye polemba £

Anzanga a geni, tisiye kulemba mitengo yopanda chizindikiro cha ndalama ati poti kiyibodi ilibe £. Ine ndinangolemba 300 pa invoyisi, kasitomala n'kutumiza madola m'malo mwa mapaundi. Ndikanamudzudzula bwanji? Wolakwa ndinali ine.

Pa Windows yatsani Num Lock, dinani Alt osachotsa chala, tayipani 0163 pa manambala a kumanja kwa kiyibodi, kenako chotsani chala, £ atuluka. Manambala a mzere wapamwamba sagwira. Mukaona ú, dziwani kuti mwasiya ziro woyambayo. Wa € ndi Alt+0128.

Opita ku Tete, ã ndi Alt+0227. Ngati laputopu yanu ilibe manambala a kumanjawo, koperani zizindikirozi pano, muzisunge m'fayilo imodzi.