ZA AMAYI PAKHOMO: Diresi la pathupi lisokedwe pa muyeso uti?

Ulendo uno tikambirane za chovala cha mayi woyembekezera, makamaka diresi losoketsa kwa telala. Nsalu ndi ndalama, ndipo diresi losokedwa pa muyeso wolakwika limavalidwa miyezi iwiri yokha kenaka nkukagona m'sutikesi, mwini wake akadali ndi miyezi itatu yoti ayende.

Ambiri tikaganiza za pathupi timaganiza za mimba, koma choyamba kusintha ndi maere. M'miyezi itatu yoyambirira chiberekero chimakhala chikadali m'munsi, ndipo pokwana masabata 12 mpamene chimayamba kumveka pamwamba pa fupa la chinena. Nthawi imeneyi chitenje ndi siketi zimakwanabe bwino, pomwe bulawuzi yayamba kale kukoka mabatani ndipo kamisolo ikuluma. Musathamangire kusoketsa diresi panthawiyi. Gulani kamisolo yokulirapo, yathonje, ya zingwe zazikulu ndiponso yokhala ndi mizere ingapo ya ngowe kumbuyo. Sankhani imene ikukwanani mutakola pa mzere wothinitsa, kuti m'tsogolo muno muzingosunthira ku mzere womasula. Chifukwa chake nchakuti nthiti nazo zimatambasuka mwana akamakula, mwina ndi mainchesi awiri kapena atatu kuzungulira chifuwa.

Pa masabata 20, ndiye kuti mwezi wachisanu, msinkhu wa mimba umafika pa mchombo. Kuyambira cha pa masabata 24, tepi ya anamwino kusikelo imaonetsa kuti mimba ikukwera pafupifupi sentimita imodzi sabata iliyonse, mpaka ikafike pansi pa fupa la pachifuwa cha pa masabata 36. Choncho telala akakuyezani mwezi wachinayi kapena wachisanu, dziwani kuti wayeza thupi limene silikhalitsa. Tsono popeza amayife sitikonda kuulula pakati msanga, ena amapita kukayezetsa osanena kanthu, telala nkusoka diresi lokwana tsiku lomwelo. Ngati nkovuta kuuza telala wamwamuna, yezanani kunyumba ndi mchemwali wanu, mulembe manambala papepala, muwatumize pamodzi ndi nsalu.

Titenge chitsanzo. Mayi ali m'mwezi wachinayi mu Juni, ndipo akuyembekeza kuchira mu Novembala. Pachifuwa tepi ikuonetsa mainchesi 37, m'chiuno 31. Pofika mwezi wotsiriza chifuwa chingakhale cha m'ma 39 kapena 40, ndipo mimba poizunguliza pa mchombo ingafike 40 kapena kupitirira. Mukuona kuti chifuwa chawonjeza pang'ono pomwe mimba yawonjeza pafupifupi mainchesi khumi. Mapewa sasintha kwenikweni. Apa mpamene ambiri amalakwitsa pogula diresi lalikulu paliponse: khosi limagwa, mapewa amalendewera, mayi akawerama chifuwa chili pamtunda.

Motero telala auzidwe kuti mapewa ndi khosi asoke pa muyeso wa lero. Pachifuwa diresi likhale la mainchesi 43, kuti ngakhale maere atafika 40 patsale malo opumira. Kuyambira pansi pa maere, nsalu ya kutsogolo aikwinye kuti itakasuke, diresi lizungulire mainchesi 48 kapena 50 pa mimba. Pasakhale lamba wosokerera m'chiuno. M'malo mwake aike tizingwe tiwiri m'mbali tomangira kumbuyo: mu Julayi mumanga mokoka, mu Okutobala mumasula, diresi nkumaoneka laulemu nthawi zonse.

Pali zinthu ziwiri zimene atelala ambiri sachita pokhapokha mutawauza. Choyamba ndi kusiya nsalu yokwanira mkati mwa misoko ya m'mbali, inchesi imodzi ndi theka, osaidula. Msoko umodzi ukasunthidwa ndi inchesi imodzi umapereka mainchesi awiri, poti nsalu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zonse zamasuka. Misoko iwiri ndiye kuti mainchesi anayi, popanda kugula nsalu ina. Chachiwiri ndi mpendero wa kutsogolo. Mimba ikakula imanyamula nsalu, kotero diresi limene linkafika m'kakolo limakwera kutsogolo kokha, miyendo nkuonekera pomwe kumbuyo likadali pansi. Kwa ife amene timavala chomwecho poswali, ili si vuto laling'ono. Telala adule kutsogolo motalikirapo ndi mainchesi atatu, apinde mkati ndi ulusi wamanja, kuti mudzamasule nokha mimba ikadzakula. Koma musalole kuti likhwekhwereke pansi. Mwezi wachisanu ndi chitatu mayi saona mapazi ake, ndipo kuponda mpendero potsika minibasi kapena pokwera bwato nkugwa koopsa.

Nsalu ichapidwe isanapite kwa telala, chifukwa thonje limabwerera likalawa madzi koyamba. Ndipo ikhale yathonje ndithu. Mayi wathu uja miyezi yake yolemetsa ikugwera mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ngakhale usiku sikuzizira. Thupi la woyembekezera limatentha kale palokha. Nsalu zoterera zanayiloni zimasunga thukuta pansi pa maere ndi m'mphechepeche, khungu nkusupuka, ndipo kabudula wamkati wanayiloni amathandizira kuyabwa kumene timati mauka.

Pa kaunjika musakhulupirire nambala ya pakhosi, poti zovalazi zimachokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo manambala ake safanana. Ngati chovala chinasokedwera oyembekezera, nambala yake imatsata thupi la mayi asanatenge pakati, choncho wa 12 atenge 12 yemweyo. Tengani chingwe chachitali mainchesi 24, muyale chovalacho, muyeze pamimba kuchokera msoko wina kufika msoko wina. Chikakwana chingwecho ndiye kuti chikuzungulira 48.

Chitenje sichisowa telala, ndipo chimodzi chimakwana mpaka tsiku lochira. Nkhani ndi pomangira. Kumanga mothina pakati pa mimba kumawonjeza chilungulira ndi befu. Mangani pansi pa mimba kapena pamwamba pake, ndipo lasitiki wa pitikoti akamasiya mzere wofiira pakhungu, muchotseni muikemo chingwe.

Nsapato ndi mphete nazo zimatiuza kanthu. Mapazi kutupa pang'ono madzulo nkuphwa m'mawa nkozolowereka m'miyezi yotsiriza, ndipo nsapato yafulati yokulirapo imathandiza. Koma mphete ikakana kuvuka mwadzidzidzi, nkhope nkutupa, mutu ukuwawa kwambiri kapena maso akuchita chidima, musapite kwa telala kapena kumsika. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, chifukwa izi zingakhale zizindikiro za matenda amene amagwetsa mayi ngati khunyu ndi kuika moyo wake ndi wa mwana pachiswe.

Diresi lija ntchito yake siithera kuchipatala. Mayi akachira mimba imaonekabe ngati ya miyezi isanu, ndipo chiberekero chimatenga pafupifupi masabata asanu ndi limodzi kuti chibwerere, nthawi yofanana ndi masiku makumi anayi aja a nifasi. Maere amakulanso mkaka ukabwera tsiku lachitatu kapena lachinayi. Nchifukwa chake posoketsa muuziretu telala kuti mabatani kapena zipi akhale kutsogolo, atsike mpaka pansi pa maere, kuti mwana aziyamwa pansi pa mpango popanda kukwinya diresi lonse. Kwa amene wachira ndi opaleshoni, chingwe kapena mfundo ya chitenje ikhale pamwamba pa mchombo, kutali ndi bala, mpaka litapola.