Satifiketi ya pakhoma si kampani

Lero ndakwiya, ndipo mkwiyo wina ndi wolunjika kwa ife tomwe ogwira choko.

Mwezi watha adandiimbira foni mnyamata amene ndidamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4. Ali ku Joni, amakhoma makabati a m'khitchini. Mu Malichi 2021 adalembetsa kampani, satifiketi naiika m'felemu. Chaka chino kasitomala wina adamuikira R38,000 mu akaunti ya kampaniyo kuti agule matabwa. Atafuna kutapa, banki idakana. Idati kampaniyo kulibe, idafufutidwa m'kaundula wa boma. Iye ankati amulodza. Ine ndidati palibe mfiti apa, wadzilodza wekha, ndipo ife aphunzitsi ako tidakuthandiza kusakaniza mankhwalawo.

Ku South Africa makampani amalembetsedwa ku bungwe la CIPC. Lamulo la makampani la 2008 limati kampani iliyonse, kaya ikuchita malonda kaya ili chigonere, izipereka lipoti la pachaka. Tsiku lomwe kampani idalembetsedwa likakwana, mwini ali ndi masiku 30 ogwira ntchito kuti apereke lipotilo. Kwa mnyamata wanga, ndiye kuti chaka chilichonse April asanathe. Lipotili limangotsimikiza kuti kampani ilipo ndi kunena ndalama zomwe idapanga. Iye ankaganiza kuti poti adalembetsa za msonkho ku SARS, basi zonse zatha. Awa ndi maofesi awiri, ndipo kulipira uku sikufafaniza ngongole ya uko.

Tsopano mverani mtengo wake. Mu 2024, kampani yomwe malonda ake sakufika R1 miliyoni pachaka inkalipira R100 ikapereka lipoti pa nthawi yake, ndipo ikachedwa R150. Chindapusa chake ndi R50 basi, ndalama yosakwana mbale ya papa ndi nyama. Apa ndi pomwe anthu amapusitsika. Amati chilango chochepa chotere ndidzalipira ndikadzapeza mpata. Koma lamulo lomwelo limalola CIPC kufufuta kampani yomwe yatha zaka 2 zotsatizana osapereka lipoti. Kampani yofufutidwa singasaine kontirakiti, singasumire munthu amene ili naye ngongole, banki imatseka akaunti yake, ndipo katundu wake amasanduka wopanda mwini, amene amagwera m'manja mwa boma. Mnyamata wanga adadumpha 2022, 2023 ndi 2024. Malipoti atatu ochedwa ndi R450. Chifukwa cha R450, ndalama ya kasitomala idatsekeredwa, kasitomalayo nayamba kumutchula wakuba. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Akuti sadalandire chenjezo. Ndikukhulupirira. Amene adamulembetsera kampani ndi mkulu wina wa pakona, wa makina osindikizira mapepala, ndipo pa fomu adalemba imelo ndi foni yake. Machenjezo onse ankapita kwa munthu amene adadya kale zake. Chikhalirecho kudziwa n'kosavuta. Ukafufuza dzina la kampani yako ku CIPC, yamoyo imaonetsa mawu akuti `In Business`. Yake inkaonetsa `AR Final Deregistration`.

Kuukitsa kampani n'kotheka. Pali fomu yotchedwa `CoR40.5`, umapereka umboni, monga mapepala a ku banki, woti kampani inkagwira ntchito pomwe inkafufutidwa, kenako umalipira malipoti onse otsalira. Koma apa padatulukira bala lachiwiri, loposa loyamba. Pa mapepala, mwini masheya onse komanso dayilekitala yekhayo anali mwana wa mwini nyumba yomwe mnyamatayu ankachita lendi. Adabwereka dzina poganiza kuti nzika zinthu zimaiyendera msanga. Ndalama zoyambira zinali zake, makina ake, thukuta lake, koma dzina lake silinali paliponse. Mwini dzinayo, ataona kuti akufunika, adatchula mtengo wa siginecha yake.

Izi n'zomwe lamulo la mwini weniweni limafuna kuthetsa. Mu February 2023 bungwe la FATF lidaika South Africa pa mndandanda wa maiko ofooka polimbana ndi kuzembetsa ndalama zakuba, ndipo chaka chomwecho CIPC idatsegula kaundula wa eni enieni a makampani. Mwini weniweni ndi munthu wa thupi ndi magazi amene ali ndi masheya okwana 5 pa 100 aliwonse kapena kuposa, kapena amene amalamulira kampani ngakhale dzina lake lisaoneke. Kuyambira pa 1 July 2024, CIPC simalandira lipoti la pachaka ngati kampani sidaulule eni ake. Choncho wobisa mwini sangapereke lipoti, ndipo wosapereka lipoti ali pa njira yofufutidwa. Dzikolo lidachotsedwa pa mndandanda uja mu October 2025, koma lamuloli lidakalipo.

M'chipinda cha aphunzitsi nditafotokoza nkhaniyi, mnzanga wina adati malamulowa ndi ozunza amphawi. Akuti akamberembere enieni ali ndi maloya, amapereka malipoti pa nthawi yake atalembamo mayina a woyendetsa galimoto ndi wa m'dimba, pomwe kalipentala ndiye amatsekeredwa akaunti. Achimwene, mbali ina mukunena zoona. Kaundula amene palibe womufufuza amagwira aulesi, osati akuba. Koma mukatero ndiye limbikirani kuti boma lizifufuza zolembedwazo, osati kuuza ana athu kuti azinyoze. Ife Amalawi sitiyenera kuuzidwa kuipa kwa kampani yopanda nkhope. Mu 2013 tidaona Kashigeti, mabiliyoni a boma akulipiridwa ku makampani amene sadapereke ngakhale msomali umodzi, ife tikuphunzitsa ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi yopanda madesiki. Funso lomwe aliyense ankafunsa linali limodzi: kampaniyi ndi ya ndani? Nafenso lamulo lathu la makampani la 2013 limafuna lipoti la pachaka, ndipo mu 2022 boma lidaonjezera malamulo oulula eni enieni.

Komanso onani amene lamuloli likadamuteteza. Mnyamata wanga akadalembedwa ngati mwini, mwana wa mwini nyumba sakadamugwira pakhosi. Kubisala kumapindulitsa wakuba amene ali ndi chobisa. Kalipentala wabisa chiyani? Adangodzichotsa yekha pa chuma chake.

Ndiye ndibwerere kwa ife. Pa phunziro la za bizinesi timaloweza ana kusiyana kwa bizinesi ya munthu mmodzi ndi kampani, ubwino wake ndi kuipa kwake, iwo nakhoza mayeso a MANEB. Timawauza kuti kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Ndi angati a ife amene adawauzapo kuti munthu ameneyu amafa akapanda kusamalidwa? Ine kwa zaka zambiri sindidawauze. Tidaphunzitsa kubereka, kulera tidasiya.

Inu amene muli ndi kampani, kaya ku Joni kaya kwathu konkuno, chitani zitatu sabata ino. Yang'anani tsiku lomwe lili pa satifiketi, mulilembe pomwe mumalemba tsiku la lendi. Fufuzani kuti imelo ndi foni zomwe zili m'kaundula ndi zanu. Ndipo werengani dzina la mwini masheya. Ngati si lanu, musagone.

Mnyamata uja adagulitsa makina ake odulira matabwa kuti abweze ndalama ya kasitomala. Satifiketi ija ikadali pakhoma.