Ku Mbenji Timasunga Ana a Utaka, Nanga Ana Athu?

Mwezi wathawu ndinakhala pansi pa mtengo ku Chikombe, pa gombe pomwe mabwato amanyamukira popita ku chilumba cha Mbenji, ndi kumva bwana wina wochokera ku ofesi akuyankha funso la mayi wina wa kwathu, amene mwana wake wa zaka zitatu sanayambe kuyenda kapena kutchula liwu limodzi. Madokotala a ku Lilongwe anauza mayiyo kuti mwana anabadwa ndi chithokomiro chosagwira ntchito, ndi kuti akanamuyeza m'sabata yoyamba bwenzi lero akuthamanga pamchenga ndi anzake. Mayi anafunsa chifukwa chimene ana sayezedwa. Bwanayo, wosaweramitsa ngakhale nkhope, anati nthenda imeneyi ndi ya apo ndi apo, mchere wathu uli kale ndi ayodini, anthu a kunyanja amadya nsomba, ndipo ndalama zilipo zochepa. Mawu amenewo andisowetsa tulo kufikira lero.

Chithokomiro ndi kachiwalo ka pakhosi kamene kamatulutsa michere yotchedwa thairokisini, ndipo ubongo wa khanda, umene umakula mofulumira koposa m'zaka zitatu zoyamba, sungathe kuyala mitsempha yake ndi kuikuta bwino popanda michereyo. Mwana ali m'mimba amabwerekako kwa mayi wake. Nchifukwa chake amabadwa wooneka wangwiro, azamba namuyamikira. Koma mchombo ukadulidwa ngongole ija yatha, ndipo ngati chake chithokomiro sichinaumbike, kapena chinamera pamalo posayenera, tsiku lililonse ubongo umataya chimene sudzachipezanso. Madzi akatayika saoleka.

Chopweteka mtima nchakuti nthendayi imabwera itavala chovala cha ulemu. Mwana amagona nthawi yaitali, salira kawirikawiri, amayamwa mwaulesi, ndipo agogo amati tapatsidwa mwana wofatsa. Chikasu chikapitirira masabata awiri, m'mimba mukamauma, mchombo ukatuluka, lilime likakula, mawu akasasa, liwombo likakhala lotambasuka, timathamangira kukapaka mankhwala pa liwombo. Ndipo pamene zizindikiro zonsezi zakwanira kuti diso lizione, miyezi yapita. Madokotala a ku Pittsburgh ku Amerika anaonetsa mu 1972 kuti ana oyamba mankhwala asanakwane miyezi itatu anapeza pafupifupi 89 pa muyeso wa nzeru umene pakati pake ndi 100, pamene oyamba itadutsa miyezi isanu ndi umodzi anapeza 54 yokha. Wodikira kuti aone ndi maso wachedwa kale.

Tsono tiyeni tiyeze mayankho a bwana uja, pakuti ndi opepuka ngati mankhusu. Akuti mchere uli ndi ayodini. Inde, ndipo tithokoze. Ayodini amachiritsa khosi lotupa la munthu amene chithokomiro ali nacho koma chikusowa chakudya. Koma mwa ana obadwa ndi nthendayi m'maiko momwe ayodini ndi wokwanira, ambiri ndithu alibe chithokomiro chenicheni, kapena ali ndi kachidutswa chabe. Kodi mungathire nkhuni pamoto m'nyumba mopanda mafuwa ndi mphika, nimuyembekeza nsima? Mayi angadye utaka wa ku Mbenji m'mawa ndi madzulo, mwana wake nabadwabe wopanda chiwalocho. Munthu wophunzira amene asokoneza zinthu ziwirizi pamaso pa mayi wolira ayenera kuchita manyazi.

Akuti nthenda ya apo ndi apo. M'maiko momwe amayeza, amapeza mwana mmodzi mwa ana 2,000 kufikira 4,000. M'Malawi muno mumabadwa ana opitirira 600,000 pachaka. Muwerengere nokha ndi muyeso umenewo, mupeza ana 150 kufikira 300 chaka ndi chaka. Ndipo bwanayo wadziwa bwanji kuti ndi ochepa, popeza sitiyeza? Msodzi amene sanaponye khoka sangalumbire kuti m'madzi mulibe nsomba. Ana amenewa alipo. Timawatchula maina ena, timati analodzedwa, timawabisa kuseri kwa nyumba.

Akuti ndalama. Imvani tsono chimene chikufunika. Mwana atatha masiku awiri kapena atatu, namwino amamubaya pang'ono pa chidendene, nadontheza magazi pa kapepala kokhuthala, kamene kakauma sikafuna firiji. Ku labotale amayeza chimene pa pepala la zotsatira chimalembedwa TSH, ndiwo mthenga wochokera ku ubongo wolamula chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chikakhala chete, mthengayo amafuula, nachuluka m'magazi. Ku Quebec, m'dziko la Canada, anayamba kuyeza ana onse obadwa kumene mu 1974. Ndipo kapepala kotere si kachilendo kwa ife: anamwino athu akhala akudontheza magazi a ana pa mapepala otere kwa zaka zambiri poyeza kachilombo koyambitsa Edzi, njinga zamoto nkumawanyamula kuchokera ku zipatala zazing'ono. Msewu ulipo kale, alendo okha ndiwo akusowa.

Sindibisa kuti pali povuta. Magazi a Edzi amatengedwa mwana ali ndi masabata asanu ndi limodzi, nthawi imene pa nthenda iyi ndi mochedwa. Tsiku loyamba nalonso ndi lonyenga, chifukwa mthenga uja amakwera mwa khanda lililonse likangobadwa, pamene amayi athu ambiri amatuluka m'chipatala mwamsanga. Koma maiko ena anathana nazo potenga magazi a pa mchombo m'chikuta momwemo, ndipo ifenso timaitana mayi kuti abwerenso ndi mwana m'sabata yoyamba. Awa ndi mafunso a anthu ofuna kugwira ntchito. Bwana uja sanafike nkomwe pa iwo.

Taganizani mwana wa makilogalamu atatu wobadwa kuno ku Chikombe. Tsiku lachitatu abayidwa. Tsiku lakhumi uthenga wafika. Magazi a mumtsempha atsimikiza. Asanakwane masabata awiri wayamba levothairokisini, mamaikilogalamu 10 kufikira 15 pa kilogalamu iliyonse, ndiye kuti 30 kufikira 45 patsiku monga dokotala alembera. Ndi kam'bulu kakang'ono kotsika mtengo, kamene mayi amakaphwanya pa supuni ndi mkaka wa m'mawere, osakaphatikiza ndi soya kapena mankhwala oonjezera magazi, popeza izi zimakatsekereza m'matumbo. Magazi amayezedwanso kawirikawiri kuti muyeso ukule pamodzi ndi mwana, ndipo ambiri amamwa moyo wawo wonse. Mwana ameneyo amapita kusukulu monga anzake.

Ife a kuno sitifuna kuphunzitsidwa za nthawi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira akhala akutseka chilumba cha Mbenji nyengo ya mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo, kuti nsomba ziswane ndi ana ake akule; ndipo asodzi, amene mphika wawo umadalira khoka, amamvera ngakhale njala iwawe, podziwa kuti m'mera mpoyamba. Makolo athu sanati ndalama zilipo zochepa. Ngati mudzi wa asodzi ungadzimane miyezi inayi chifukwa cha ana a utaka, dziko lathunthu likulephera bwanji kupereka madontho a magazi pa kapepala chifukwa cha ana a anthu?

Inu akuluakulu ogawa chuma cha zaumoyo, yambani ndi boma limodzi, ngakhale Salima yemweyu, muyeze ana onse chaka chimodzi, muwerenge. Ndipo inu amayi, khanda likamagona mopitirira, likamayamwa mofooka, chikasu nkukana kuchoka patatha masabata awiri, musadikire tsiku la sikelo: pitani nalo ku chipatala, mupemphe ndi pakamwa panu kuti aliyeze chithokomiro.