Nsanja ikatalika si umboni kuti jini yapezeka

Kuno ku Njewa mtedza ndiwo umalipira fizi, ndipo mlimi aliyense wa ku Nsaru kapena ku Mpingu amadziwa zomwe kadukutu amachita m'munda wobzalidwa mochedwa: mitengo yopinimbira, masamba achikasu okwinyika, pansi popanda kanthu. Nchifukwa chake tikamva kuti ofufuza "apeza jini" yoteteza mtedza ku matendawa timafulumira kuwomba m'manja. Umboni womwe amationetsa umakhala chithunzi chimodzi cha timadontho tambirimbiri, chokhala ndi nsanja imodzi kapena ziwiri zotalika. Ine ndikuti manja tiyambe tawasunga. Chithunzi chimenechi chimanama mosavuta, ndipo pa mtedza chimanama kwambiri.

Chithunzicho amachitcha Manhattan, ndipo chimachokera mu kafukufuku wa GWAS. Ofufuza amatenga mitundu yambiri ya mtedza, nkuyeza DNA yake pa malo masauzande pomwe chilembo chimodzi chimasiyana pakati pa mtundu ndi mtundu. Pa malo alionse amafunsa ngati mitundu yopirira matenda ili ndi chilembo chosiyana ndi cha mitundu yogwidwa. Kadontho kalikonse ndi yankho la malo amodzi. Chopingasa, timadontho timandandalikidwa motsata makolomozomu, omwe pa mtedza alipo 20, kuyambira A01 mpaka A10 ndi B01 mpaka B10. Choimirira ndi -log10(p). Kadontho kali pa 3 kakutanthauza kuti, patakhala kuti palibe mgwirizano weniweni, kusiyana kotere kungachitike mwangozi kamodzi pa 1,000. Kali pa 6, kamodzi pa miliyoni. Poti mafunso ndi ambiri, ena amakwera mwamwayi chabe, choncho amajambula mzere wodulira. Ngati malo oyezedwa ndi 10,000, amagawa 0.05 ndi 10,000, mzere nkugwa pa 5.3. Pa kafukufuku wa anthu mzere wozolowereka uli pa 7.3.

Mzerewu umatiteteza ku mwayi. Sutiteteza ku chibale, ndipo apa mpamene pagona nkhani.

Mtedza wolimidwa uli m'mabanja akuluakulu. Chalimbana, CG7 ndi Nsinjiro ndi a banja la Vijiniya, lochedwa kukhwima. Malimba, Kakoma ndi Baka ndi a banja la Sipanishi, locha msanga. Mtedza umadzibereketsa wokha, kotero mabanjawa akhala osasakanikirana kwa mibadwo yosawerengeka, ndipo amasiyana zilembo pa malo ochuluka zedi omwe alibe chochita ndi matenda. Onjezanipo mbiri iyi: kupirira kadukutu kudayamba kupezeka mu mitundu ya Vijiniya yochedwa kucha ya kumadzulo kwa Afirika, ndipo obereketsa mbewu, kuphatikizapo a ICRISAT omwe akhala pa Chitedze kuyambira 1982, adagwira ntchito zaka zambiri kuti kupiriraku kulowe mu mitundu yocha msanga. Ndiye mukasonkhanitsa mitundu mwachisawawa, nzosavuta kuti yopirira ichuluke mbali imodzi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopangira chitsanzo. Muli ndi mitundu 200, Vijiniya 100 ndi Sipanishi 100. Mwa Vijiniya, 60 ndi yopirira. Mwa Sipanishi, 10 yokha. Tsopano tengani malo ena pa DNA omwe sakhudzana nkomwe ndi kadukutu, koma chilembo A chili mu Vijiniya 90 ndi mu Sipanishi 10. M'banja lililonse chilembocho chagawikana mofanana pakati pa yopirira ndi yogwidwa. Mwa mitundu 70 yopirira, yokhala ndi A ikhala 54 ya Vijiniya ndi umodzi wa Sipanishi, pamodzi 55, pafupifupi 79 pa 100 iliyonse. Mwa 130 yogwidwa, yokhala ndi A ikhala 36 ndi 9, pamodzi 45, pafupifupi 35 pa 100. Kompyuta ikaona 79 ndi 35 imatulutsa p wa pafupifupi 0.000000003, kadontho nkukwera kufika 8.5, kupyola mizere yonse iwiri ija. Koma yang'anani mu Vijiniya mokha: yopirira 90 pa 100 ili ndi A, yogwidwa 90 pa 100 ilinso ndi A. Palibe kusiyana. Chomwe chapezeka ndi chizindikiro cha banja basi, ngati munthu woona kuti opambana mayeso ambiri avala yunifolomu yobiriwira nkuyamba kutamanda mtundu wa nsalu.

Izi zidawachitikirapo ngakhale akatswiri a majini a anthu. Mu 2005 ofufuza adasonyeza kuti jini ya LCT, yothandiza munthu wamkulu kugaya mkaka, imaoneka ngati ikugwirizana ndi kutalika pakati pa Aamerika ochokera ku Ulaya. Chifukwa chake nchakuti anthu a kumpoto kwa Ulaya ndi atali komanso ambiri ali ndi mtundu umenewu wa jiniyo. Ataganizira komwe agogo a munthu aliyense adachokera, mgwirizanowo udafooka.

Nsanja yabodza imazindikirika. Choyamba ndi maonekedwe a chithunzicho. Jini yoona imakweza gulu la timadontho toyandikana pa kolomozomu imodzi, chifukwa malo oyandikana amayendera limodzi potengera kwa makolo, pomwe kwina konse kumakhala bata. Chibale chikalowerera, nsanja zimamera paliponse, pa A02, pa A07, pa B05, pakuti mabanja amasiyana pa makolomozomu onse. Wofufuza wonyadira kuti wapeza malo makumi anayi m'mitundu 200 ndi woyenera kumumvera chisoni. Kadontho kamodzi kokwera kokhakokha popanda anzake nakonso nkokayikitsa. Nthawi zambiri kamakhala cholakwika cha mu labotale.

Kenako funsani chithunzi chachiwiri, cha QQ, chomwe ambiri amachikankhira kumasamba akumapeto. Chimayerekeza ma p opezeka ndi omwe akadapezeka pakadapanda mgwirizano uliwonse. Timadontho tiyenera kutsata mzere wopendekera, nkupatuka kunsonga kokha. Tikapatuka kuyambira pansi, kafukufuku yense wafufuma. Kufufumaku kuli ndi nambala yake, lamuda, yomwe imapezeka pogawa chi-square wapakati ndi 0.455. Ikakhala pafupi ndi 1 zinthu zili bwino. Ikafika 1.5 kapena 2 mu kafukufuku wa mitundu mazana ochepa, nsanja zonse nzokayikitsa.

Mankhwala ake alipo kale ndipo ndi aulere. PCA imaunjika mitundu molingana ndi kufanana kwa DNA, ndipo pa mtedza Vijiniya ndi Sipanishi zimapatukana poyera. Zotsatira zake, pamodzi ndi tebulo la chibale cha mtundu uliwonse ndi unzake, zimalowetsedwa mu masamu kuti chilembo chiyesedwe pakati pa abale okhaokha. Mapulogalamu a TASSEL ndi GAPIT amachita zimenezi: njira ya GLM yopanda zowonjezera siisamala za banja, pomwe ya MLM imawerengera chibale. Wophunzira wa ku Bunda woonetsa chithunzi cha GLM chifukwa choti ndicho chili ndi nsanja zokongola asamadutse pamaso pa omuyesa osafunsidwa.

Ena adzati kukonza kotere kumaphanso zoona. Akunena zoona. Jini yeniyeni ikakhala m'banja limodzi lokha, MLM ikhoza kuimeza pamodzi ndi zabodza, ndipo lamuda yotsika kwambiri pansi pa 1 imasonyeza kuti mwakonza mopyola. Koma yankho lake si kubwerera ku chithunzi chabodza. Bereketsani mtundu wopirira ndi wogwidwa, monga Nsinjiro ndi Kakoma, nkuyesa zidzukulu zake m'munda momwe nsabwe zofalitsa kadukutu zili ponseponse. M'zidzukulumo zilembo za mabanja awiri zasakanikirana, kotero chizindikiro chongosonyeza banja chimalekana ndi kupirira, pomwe choyandikana ndi jini yeniyeni chimatsalira. Zimenezi zimadya nyengo zingapo za ulimi, ndipo opereka ndalama za kafukufuku sakonda kudikira. Komabe wobereketsa mbewu akasankha ndi chizindikiro chabodza adzataya mizere yabwino, nkusunga yongofanana ndi Vijiniya, ndipo mbewu yocha msanga yomwe amafuna kupatsa mlimi wa ku Kabudula idzagwidwa ndi kadukutu monga kale.