M'khitchini Mwathu: Nkhuku Timadula Polumikizana Mafupa

M'makomo ambiri nkhuku timaidula ndi chikwanje kapena chimpeni chachikulu, kumangotema paliponse mpaka nthuli zikwane. Ntchito imathadi msanga, koma mumphika mumatsala tizidutswa ta mafupa tosongoka ngati minga. Mafupa a miyendo ndi mapiko a nkhuku ndi amphako, ndipo akatemedwa saduka bwino, amanyenyeka. Tizidutswato timabisala mumsuzi, ndipo mwana amene akudya mofulumira kapena agogo amene maso ayamba kuchita chidima ndiwo amatsamwa nato. Komanso nthuli zosiyana kukula sizipsera limodzi. Zing'onozing'ono zimafika posasuka pamene zazikulu zikadali ndi magazi pafupi ndi fupa.

Tikudziwa kuti ena mwa owerenga athu anasiya nyama, ndipo ndiwo zawo ndi nyemba, soya, nandolo ndi mtedza. Mwezi uno tikucheza ndi mabanja amene amadyako nkhuku mwa apo ndi apo. Mfundo yathu ndi imodzi: mpeni uzidutsa polumikizana mafupa, osati pafupa penipeni. Paliponse pamene nkhuku imapinda ili yamoyo, pamenepo pali njira ya mpeni. Mpeni ukakana kulowa, ndiye kuti taphonya malowo, ndipo chofunika ndi kuusuntha pang'ono, osati kuwonjezera mphamvu.

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu masana, tsiku lokonzekera Sabata, ndipo tili ndi nkhuku yoyera yolemera kilogalamu imodzi ndi theka, yososola ndi kutumbula kale. Pakhomo pali anthu 6. Tikufuna nthuli 12, kuti aliyense apeze imodzi Lachisanu madzulo ndi ina pochokera kutchalitchi.

Tisanagwire nkhuku

Tinole mpeni. Mpeni wobuntha ndi umene umacheka zala, chifukwa umaterereka pakhungu la nkhuku pamene ife tikuukankha mwamphamvu. Wapakatikati ndi wokwanira. Thabwa lodulirapo likhale la nyama yokha, ndipo pansi pake tiyale kansalu konyowa kuti lisamayendeyende. Pafupi tiike mbale ziwiri, ina ya nthuli, ina ya zotaya. Tomato, anyezi ndi masamba tidule kale ndi kuziika patali, kuti tisadzazigwire ndi manja a nkhuku.

Nkhuku yogula yokonzakonza sifunika kutsukidwa pampopi. Madzi sachotsa majeremusi monga salimonela, amangowamwaza pambale ndi pazakudya zapafupi. Moto ndi umene umawapha. Ngati nkhuku tapha tokha ndipo ili ndi magazi ndi tinthenga, titsukire m'beseni modekha, madziwo tikataye kutali ndi posewerera ana. Kenako tiiyembekeze ikhe madzi, chifukwa nkhuku yonyowa imapulumuka m'manja.

Mapiko ndi miyendo

Tiyambe ndi mapiko. Tigoneke nkhuku chammbali, tigwire phiko ndi kulikokera m'mwamba ngati tikufuna kuinyamula. Kulemera kwa nkhukuyo kumatsegula mfundo ya paphewa. Ticheke khungu kukhwapa kwa phiko, mozungulira, ndipo tiona mutu wa fupa woyera ndi wosalala. Mpeni udutse kuseri kwa mutu umenewo, phiko lichoka lokha. Tichite chimodzimodzi mbali inayo. Kansonga ka phiko kalibe mnofu ndipo kamapserera msanga, choncho tikadule pamfundo yake ndi kukasungira msuzi.

Tsopano nkhuku igone chagada, nganga ili m'mwamba. Tikoke mwendo umodzi kuutalikitsa ndi thupi, ndipo khungu la pakati pa ntchafu ndi nganga likungika. Ticheke khungu lokhalo, osalowetsa mpeni kwambiri, kuopa kudula mnofu wa nganga. Kenako tigwire ntchafu ndi dzanja lonse, tiipindire kumsana mpaka timve kuti "thwa" ndi kuona mutu wa fupa utatuluka m'malo mwake. Apa mpeni ungotsata mpata umene watsegukawo, moyandikira msana, kuti kamnofu kokoma kamene kamakhala m'kadzenje ka pamsana kapite ndi ntchafu. Tikapanda kupinda mpaka fupa lituluke, mpeni umagunda fupa la m'chiuno, ndipo apa ndi pamene ambiri amathamangira chikwanje.

Mwendo uliwonse uli ndi nthuli ziwiri, ntchafu ndi mwendo wam'munsi. Tiugoneke khungu lili pansi. Tikayang'anitsitsa tiona kamzere ka mafuta koyera kapena kachikasu kodutsa pakati pa ziwirizo. Mfundo ili pansi pa kamzereko, chakumwendo pang'ono. Tikhoza kutsimikiza ndi chala, popinda ndi kuwongola mwendo mpaka timve pamene pakusuntha. Tikadula pamalo oyenera mpeni umatsika mosavuta, ndipo mbali zonse ziwiri zimaoneka zoyera ndi zosalala. Tikaona fupa lofiira mkati ndi lokhakhala, taphonya. Pofika pano m'mbale muli nthuli 6: mapiko awiri, ntchafu ziwiri ndi miyendo iwiri.

Kulekanitsa nganga ndi msana

Chatsala ndi thupi, ndipo apa pokha ndi pamene mpeni udutse m'mafupa, koma ndi nthiti zopyapyala zimene sizinyenyeka. Ngati khosi likadalipo, tilidule patsinde. Tiimike thupilo chozondoka, kumapewa kuli pathabwa, kumchira kuli m'mwamba. Mbali iliyonse ili ndi kamzere kena ka mafuta kotsika pakati pa nganga ndi msana. Titsitse mpeni motsata kamzereko kudutsa m'nthiti mpaka pafupi ndi mapewa, mbali iyi ndi inayo, dzanja logwira lili pamwamba pa mpeni nthawi zonse. Kenako tikanule msana ndi manja, kuupindira kumbuyo ngati tikutsegula chitseko, ndipo mfundo za pamapewa zionekera kuti tizidule.

Nganga tiitembenuze, khungu likhale pansi. Pakati pake pali fupa lalitali lokhala ndi msonga, limene kumunsi kwake limathera m'chicherewecherewe choyera. Tilembe ndi nsonga ya mpeni pakati pa fupalo kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kenako tiike mpeni pamzerewo ndi kupanikiza ndi chikhatho pamsana pa mpeni. Pankhuku yoyera, imene imaphedwa ili ndi masabata 6 kapena kupitirira pang'ono, fupali limakhala lanthete ndipo limagawika bwino. Theka lililonse tilidule pakati mopingasa. Poti kumtunda n'kochindikala ndipo kumunsi n'kopyapyala, tisadule pakati penipeni. Nthuli yakumunsi ikhale yotalikirapo kuti zonse zilemere mofanana. Nganga yatipatsa nthuli 4, ndipo tafika pa 10.

Msana tiupinde pakati, pamene pathera nthiti. Umathyoka wokha pamfundo, ndipo mpeni umangomaliza. Nthuli zakwana 12, osawerengera khosi ndi zam'kati zapadera.

Magazi ndi mafuta

Msana ndi umene umafuna chidwi chathu kwambiri. Buku la Levitiko 3:17 limaletsa kudya mafuta ndi magazi, ndipo zonse ziwiri zimabisala kumeneku. M'nthiti, mbali zonse za fupa la msana, mumamatirira mapapo ofiira ngati siponji, ndipo kumunsi m'timaenje ta m'chiuno mumakhala impso zakuda zodzaza magazi. Ogulitsa ambiri amazisiya momwemo. Tizikolowole ndi chala kapena kasipuni. Pamwamba pa kamchira pali kachotupa kachikasu kamene nkhuku imatengamo mafuta odzoza nthenga zake, ndipo kakaphikidwa kamanunkhitsa msuzi, choncho tikadule. Mafuta olendewera kumimba ndi m'mphepete mwa ntchafu timangowasolola ndi manja. Kwa amene adokotala anawalangiza kuchepetsa mafuta, ino ndi nthawi yosenda khungu, pakuti mafuta ambiri a nkhuku amakhala pansi pake.

Pachiwindi pali ndulu, kathumba kobiriwira. Tikadule pamodzi ndi kachidutswa ka chiwindi, osakafinya. Kakaphulika, paliponse pamene pachita chobiriwira tipadule ndi kutaya, chifukwa kuwawa kwake sikutha ndi madzi. Nthutumba tiing'ambe mbali imodzi, tikhuthule zam'kati, ndi kusenda chikopa chachikasu cholimba chija. Mtima tiung'ambe pakati kuti magazi oundana atuluke.

Ikakhala yachikuda

Nkhuku yachikuda kapena ya Mikolongwe imadulidwa mwanjira yomweyi, koma imafuna kuleza mtima. Yayendayenda miyezi yambiri, choncho mitsempha yake ndi yolimba ndipo mfundo zake n'zothina. Popinda ntchafu pamafunika mphamvu, ndipo nthawi zina timayamba tadula mtsempha woyera wogwira mutu wa fupa. Fupa la nganga la tambala wamkulu siligawika ndi chikhatho. M'malo molitema, tidutsitse mpeni m'mbali mwake mwenimweni, mbali imodzi kenako inayo, mnofu uchoke ndipo fupalo lipite mumsuzi lathunthu. Nganga yake ndi yopyapyala, ndiye kawirikawiri imangokwana nthuli ziwiri, ndipo nkhuku yonse imatipatsa 10.

Tikamaliza

Thabwa, mpeni ndi kansalu kaja titsuke ndi sopo ndi madzi otentha nthawi yomweyo, manjanso mpaka m'zikhadabo. Nyama yaiwisi isakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala kapena kumadera ngati Chikwawa ndi Nsanje, ola limodzi ndi lokwanira. Mufiriji nthuli zaziwisi zimasungika tsiku limodzi kapena awiri, m'chiwiya chovindikira, pashelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina.

Poika mumphika, ntchafu, miyendo ndi msana zitsogole, nganga ibwere pambuyo chifukwa imapsa msanga ndi kuuma. Tidziwa kuti nkhuku yapsa tikaboola ntchafu pochindikala mpaka pafupa, madzi otuluka n'kukhala oyera opanda kufiira. Amene ali ndi choyezera kutentha kwa chakudya aone kuti pakati pafika madigiri 75. Nthuli za Sabata tizipatule ndi sipuni yoyera, zizizire msanga ndi kulowa mufiriji, ndipo mawa lake zitenthetsedwe mpaka msuzi ubwate. Kumene kulibe firiji, nzeru ndi kudya nkhukuyo Lachisanu madzulo, ndipo ndiwo za Sabata masana zikhale zosachedwa kuwonongeka.

Pogawa, nthutumba ikhoza kupitabe kwa bambo kapena mlendo monga mwa mwambo wathu. Koma poti nthuli zatuluka zofanana ndipo tikudziwa chiwerengero chake, palibenso chifukwa choti ana azingolandira khosi ndi zipalapasiro. Iwo ndi amene matupi awo akukula, ndipo mwendo wodulidwa pamfundo, wopanda fupa losweka, ndi nthuli yabwino kuika m'dzanja la mwana.