Chenjezo kwa Omanga Zimbudzi Zogejemula ku Mwazisi

Abale athu a ku Mwazisi, inu amene mwagulitsa fodya ndipo mukumanga nyumba ya chimbudzi chogejemula, musalole mmisiri kukumba dzenje la thanki musanawerengere limodzi kukula kwake. Thanki yochepa siwonetsa vuto chaka choyamba. Imadzaulula pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi zambiri mkati mwa dzinja, madzi onunkha atayamba kutumphuka kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera. Tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 amene anafika m'maboma onse a dziko lino, Rumphi yemwe. Madzi otere ndiwo njira yake.

Thanki imagwira ntchito poimitsa madzi. Madzi a m'chimbudzi, kubafa ndi kukhitchini akalowa n'kudekha, zolemera zimamira pansi n'kusanduka matope, mafuta ndi thovu la sopo zimayandama n'kuundana pamwamba, ndipo pakati pamatsala madzi osungunuka. Apakatiwo okha ndi oyenera kupita kusokawe, dzenje lija la miyala limene limamwetsa madzi m'dothi. Kuti zilekane chonchi, madzi ayenera kukhala m'thanki osachepera tsiku lathunthu, maola 24, ngakhale matope atachuluka. Akathamangitsidwa msanga amatenga matope ndi mafuta, n'kukamata timipata ta dothi la sokawe. Dothi likamatika silimwanso, ndipo kupopa thanki sikulitsegula. Pamenepo n'kukumba sokawe wina basi.

Tiwerengere banja la anthu 8, aliyense akutaya malita 60 patsiku. Ndiye kuti malita 480 amalowa tsiku lililonse. Matope ndi mafuta otsalira amakwana pafupifupi malita 40 pamunthu pachaka, ndipo amaposa pamenepo ngati mukuponyamo mapepala olimba. Mmisiri akamanga thanki ya mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya, imasunga malita 1,000. Pakutha zaka ziwiri, malita 640 amakhala atadzaza matope, malo a madzi n'kutsala malita 360 okha. Madzi atsiku limodzi sakwanamo: amatuluka atakhala maola 18, ndipo mwezi uliwonse nthawiyo ikucheperachepera. Kukagwa maliro kapena ukwati, alendo n'kudzaza pakhomo, zonse zimangodutsa.

Banja lomwelo lipatseni madzi masiku awiri, malita 960, kuti alendo asasokoneze. Wonjezerani malo a matope a zaka zitatu, malita 960 enanso, poti galimoto yopopa sifika kuno mwachisawawa. Zonse pamodzi ndi malita 1,920. Thanki ya mamita 2.4 m'litali, masentimita 80 m'lifupi ndi madzi akuya mita 1.2 imasunga malita pafupifupi 2,300, ndipo ikukwanira. Miyeso imeneyi ndi ya mkati, osawerengera njerwa, ndipo kuyako muyeze kuchokera pansi kufika pakamwa pa paipi yotulutsa, osati pasilabu. Pamwamba pa madzi pasiyidwe mpata wa masentimita 30. Ndikunenetsa za kayezedweka chifukwa amisiri ena amatchula kukula kwa dzenje limene anakumba, mwini nyumba n'kusangalala, pamene khoma ndi mpata wapamwamba zadya gawo lalikulu.

Thankiyo ikhale yaitali kuti madzi ayende ulendo asanatuluke, ndipo igawidwe pawiri: chipinda choyamba pafupifupi mita 1.6, chachiwiri masentimita 80. Polowera ndi potulukira paikidwe mapaipi ooneka ngati T. Yotulutsa itsike masentimita 7 kapena 8 kuposa yolowetsa, ndipo mwendo wake umire masentimita pafupifupi 45, kuti izitunga madzi apakati n'kusiya mafuta. Paipi yowongoka chabe imakokolola mafuta onse kupita nawo kusokawe. Madzi a mvula ochokera padenga asalowemo ngakhale pang'ono. Sokawe atalikirane ndi mjigo kapena chitsime mamita osachepera 30, ndipo akhale kumunsi kwake. Amene muli pafupi ndi dambo, kumene madzi a pansi amakwera m'dzinja, kaonaneni kaye ndi alangizi a zaumoyo musanakumbe.

Kwa inu amene munamanga kale, yezani chaka chilichonse mvula isanayambe. Kulungani nsalu yoyera kumapeto kwa nsungwi yaitali, iboole zoundana zapamwamba mpaka igunde pansi pa chipinda choyamba, dikirani pang'ono, kenako zulani mwapang'onopang'ono. Pamene nsalu yada ndi pamene matope afika. Akafika masentimita 40 m'thanki ya mita 1.2, itanani opopa. Chimbudzi chikamachedwa kumeza, mapaipi akamalira, kapena udzu wa pasokawe ukabiriwira m'chilimwe, musadikire tsiku lina. Poyeza khalani awiri, musasute kapena kuyatsa moto pafupi, ndipo wina aliyense asalowe m'thanki, chifukwa mpweya wa mmenemo umakomola munthu asanakuwe n'komwe.